Manja a kamnyamata analowa m'mutu

Kamnyamata ka m'kanema wathu wa zidole kanayenera kuchita chinthu chosavuta. Kamenya mpira, mpira waswa windo la aneba, ndiye kayende pang'ono, kaime, kagwire manja kumutu. Munthu akaika manja kumutu sipafunikanso mawu, aliyense amadziwa kuti zavuta.

Mnzathu wina wamtali bwino anavala suti ya mokapu, ija ya timasensa tomangirira m'mikono ndi m'miyendo, n'kusewera gawolo mpaka tonse tinafa nacho chiseko. Fayilo ya BVH, yosunga mayendedwe amene sutiyo inajambula, itandipeza ndinasamutsira mayendedwewo pa kamnyamata mu Blender, pulogalamu yopangira makanema a zidole, kenako ndinaitana mnzanga amene analemba nkhaniyo kuti adzaone. Anaonerera kamodzi, nabwereza, n'kuloza pa sikilini.

"Aise, manja apita kuti?"

Mikono inkakwera bwinobwino, mapewa akunyamuka, zigongono zikutuluka m'mbali monga anachitira wosewera uja. Koma manja onse awiri anali atamira m'mutu, penapake kuseri kwa maso. Chimene chimandizungulirabe m'mutu n'chakuti panalibe cholakwika pa masamu. Mfundo iliyonse ya thupi inapindika ndendende ngati ya wosewera, koma chimene wosewerayo ankanena ndi thupi lake chinasowa.

## Zimene zili mu fayilo

Tsegulani fayilo ya BVH ndi pulogalamu yolembera iliyonse, ndi mawu wamba. Kumtunda kuli `HIERARCHY`, mndandanda wa mafupa, lililonse ndi `OFFSET` yake yonena kutalika kwa mtunda kuchokera pa fupa limene lalumikizikako. Kunsi kuli `MOTION`, mizere ya manambala, mzere umodzi pa fulemu imodzi, ndiko kuti chithunzi chimodzi mwa zambiri zimene zimapanga kanema. Mu fayilo ngati yathu, fupa la chiuno lokha ndi limene lili ndi manambala 6, atatu onena pamene lili ndi atatu onena mmene latembenukira. Mafupa ena onse ali ndi atatu okha a katembenukidwe.

Ndiye palibe paliponse palembedwa kuti dzanja lagwira mutu, kapena kuti phazi laponda pansi. Zimenezo zimangochitika zokha mukaphatikiza ngodya za mfundo ndi kutalika kwa mafupa a munthu amene anavala suti. Mukasintha kutalika kwa mafupa, ngodya zomwezo zimafikitsa dzanja kwina.

Wosewera wathu ndi wamtali masentimita 176. Mwendo wake, kuchokera pamfundo ya m'chiuno kufika pa kakolo, ndi 84, ndipo mkono kuchokera paphewa kufika polumikizira dzanja ndi 56. Kamnyamata ndi kotalika 110, mwendo 42, mkono 30, koma mutu wokha ndi 36 kutalika ndi 34 m'lifupi. Mutu wa wosewera m'lifupi ndi 16 basi. Manambala amenewa muwasunge, nkhani yonse yagona pamenepo.

## Mafupa a maina ofanana

Ntchito yoyamba ndi yotopetsa koma si yovuta: kuuza kompyuta kuti fupa ili la wosewera ndi fupa liti la chidole. Fayilo yathu inali ndi maina amene mumawapezanso pa zidole za pa webusaiti ya Mixamo ndi mu pulogalamu ya MotionBuilder. Mafupa a kamnyamata ndinawatcha motsatira Rigify, chida cha mu Blender chopangira mafupa a zidole.

```
Hips          spine
Spine         spine.001
Spine1        spine.002
Spine2        spine.003
Neck          spine.004
Head          spine.006
LeftShoulder  shoulder.L
LeftArm       upper_arm.L
LeftForeArm   forearm.L
LeftUpLeg     thigh.L
LeftLeg       shin.L
```

Mzere woyamba ndi umene umapweteketsa anthu. Kwa Rigify, `spine` ndi fupa la chiuno. Zida zimene zimalumikiza maina pazokha zikaona `Spine` uku ndi `spine` uko zimatha kungowakwatitsa, ndipo msana wonse umasuntha ndi fupa limodzi. Mudzazindikira poona kuti chidole chikuyenda koma chiuno sichikugwedezeka monga mwa munthu, kapena miyendo ikutsatira kupindika kwa mimba. `LeftLeg` si mwendo wonse, ndi chigawo cha kunsi kwa bondo. `LeftShoulder` si mkono wa kumtunda, ndi kafupa kaja kochokera pansi pa khosi kupita paphewa. Ine sindikhulupirira dzina, ndimadina fupa lililonse pa sikilini n'kuona pamene lili.

Mwaonanso kuti `spine.005` yatsala yopanda mnzake. Khosi la kamnyamata lili ndi mafupa awiri, la mu fayilo lili ndi limodzi. Pa khosi lalifupi ngati lake ndinangoisiya. Chikanakhala chidole cha khosi lalitali ndikanagawa kupindikako pakati pa mafupa awiriwo.

## Wina waima ngati T, wina ngati A

Apa ndi pamene ambiri amaganiza kuti fayilo ndi yoonongeka. Manambala a katembenukidwe aja amawerengedwa kuchokera pa kaimidwe koyambira. Mafupa a mu fayilo yathu amayambira pa kaimidwe ka T, mikono itatambasuka mopingasa. Kamnyamata kanawumbidwa mikono itatsika kale madigiri 45, kaimidwe ka A, chifukwa mapewa amapindika bwino akawumbidwa choncho.

Wosewera akangoima mikono ili m'mbali, fayilo imati mkono watsika madigiri pafupifupi 80. Mukakopera nambala imeneyo mmene ilili, kamnyamata kamaonjezera 80 pa 45 yake ija, kufika 125. Mkono wolunjika pansi ndi 90, ndiye wapitirira ndi 35, ndipo manja amakakumana mkati mwa mimba. Pali vuto linanso lobisika. Fupa lililonse lili ndi mizere yakeyake ya X, Y ndi Z. Mu Blender, Y imatsata kutalika kwa fupa, koma kumene X ndi Z zaloza kumadalira `Roll` imene wopanga mafupawo anasankha. Zikasiyana, kupinda chigongono kwa uku kumasanduka kupotoza mkono kwa uko, ndipo mumaona bondo likuthyokera m'mbali.

Mankhwala a mavuto awiriwa ndi amodzi. Imikani onse awiri mofanana kamodzi, kamnyamata katambasule mikono ngati T, zikhatho ziloze pansi ngati za wosewera, mapazi aloze kutsogolo. Pa fupa lililonse, sungani kusiyana kwa katembenukidwe ka awiriwo monga kakuonekera m'dziko la kanemayo, osati poyerekeza ndi fupa lapamwamba pake. Kenako pa fulemu iliyonse muzibwezera kusiyana komweko.

```python
O = S0.inverted() @ T0   # kamodzi, onse ataima ngati T
T = S @ O                # pa fulemu iliyonse
```

`S0` ndi `T0` ndi katembenukidwe ka fupa la wosewera ndi la chidole ataima ngati T, `S` ndi ka wosewera pa fulemu imene mulipo, ndipo `T` ndi kamene chidole chiyenera kutenga. Muyambe ndi chiuno n'kumapita kumapeto a mikono ndi miyendo, chifukwa fupa la kunsi limadalira la kumtunda.

Ngati khodi si mbali yanu, njira ya manja imapereka zomwezo. Pa fupa lililonse la wosewera onjezerani kafupa kena kolumikizika nalo, koma kogona ndendende mmene fupa la chidole lagonera mu T. Kenako fupa la chidole lizitsatira kafupa kameneka kudzera mu `Copy Rotation`, mbali zonse ziwiri zili pa `World Space`. Pomaliza `Bake Action` mutachonga `Visual Keying`, kuti mayendedwe akhale makiyi enieni pa chidole, ndiko kuti zizindikiro zosunga kaimidwe ka fupa pa fulemu inayake. Musafulumire poimika T uja. Mukalakwitsa phewa ndi madigiri 5, cholakwikacho chikhala mu fulemu iliyonse mpaka kumapeto.

## Sitepe ya mwendo waufupi

Zafika apa kamnyamata kakupinda mfundo zonse molondola, koma kakutsetsereka. Wosewera amaponda masentimita 70 pa sitepe imodzi, ndipo chiuno chake chimasuntha mtunda womwewo. Miyendo ya kamnyamata ndi theka la yake, ndiye ndi ngodya zomwezo imatambasuka 35 yokha. Chiuno chikapita 70 pamene miyendo yaponda 35, phazi limakokedwa pansi masentimita 35 pa sitepe iliyonse.

Aliyense amadziwa kuti mtunda wa chiuno uyenera kuchepetsedwa. Funso ndi lakuti ndi nambala iti. Maganizo amathamangira ku msinkhu: 110 kugawa ndi 176 ndi 0.625. Koma msinkhu wa kamnyamata wadzaza ndi mutu, ndipo mutu suponda pansi. Ndi nambala imeneyo chiuno chimapita pafupifupi 44, phazi n'kumatsetserekabe 9. Nambala yoyenera ndi ya miyendo, 42 kugawa ndi 84, yomwe ndi 0.5.

Pa kukwera ndi kutsika kwa chiuno pali kamsampha kena. Chiuno cha wosewera chikaima chili pa masentimita 96, theka lake ndi 48. Cha kamnyamata chili pa 50, chifukwa nsapato zake ndi zikuluzikulu ndipo kakolo ali pamwamba kuposa mmene theka likananenera. Mukangochulukitsa zonse ndi 0.5, kamayenda nsapato zitamira pansi masentimita 2. Choyenera kuchepetsa ndi kusuntha kokha kuchokera poyambira, ndiye n'kukuika pamwamba pa kaimidwe ka chidole.

```python
p = p_T0 + 0.5 * (p_S - p_S0)
```

Ngakhale mutachita zonsezi, phazi limanjenjemerabe pang'ono. Ntchafu ya wosewera ndi 43, kunsi kwa bondo 41, pafupifupi zofanana. Kamnyamata kali ndi 24 ndi 18. Mwendo ukawongoka palibe kusiyana, koma bondo likangopindika kakolo amafika pena, kusiyana kwa sentimita imodzi kapena ziwiri. Maso a munthu amaona zimenezi ngakhale sangathe kutchula chimene chalakwika. Kuti mutsimikize, sankhani fupa la phazi n'kuyatsa `Motion Paths`, imene imaika kadontho pamene fupalo lili pa fulemu iliyonse. Pa mafulemu amene phazi laponda, timadontho tiyenera kuunjikana pamodzi. Tikandandana, phazi likuyenda pamene liyenera kukhala chete.

Apa ndi pamene IK imalowera. M'malo mouza ntchafu ndi bondo mmene zipindikire, mumauza phazi pamene likhale, bondo n'kudzipezera lokha. Ndinakopera njira ya phazi pa fupa lowongolera la `foot_ik.L`, kenako pa sitepe iliyonse ndinafufuta makiyi a pakati pa fulemu imene phazi lakhazikika pansi ndi imene chidendene chayamba kunyamuka, n'kusiya makiyi awiri ofanana kumapeto onse. Mafulemu awiri kapena atatu a mbali zonse ndinawasalaza kuti phazi lisadumphe polowa ndi potuluka. Chenjerani ndi bondo. Ngati phazi mwalikhomera kutali kuposa masentimita 42 amene mwendo ungafike, bondo limawongoka mwadzidzidzi n'kubwereranso pa fulemu yotsatira. Zikatero tsitsani chiuno pang'ono pamalopo, phazi lisiyeni.

Panatsala chinthu chimene masamu a mtunda sachikhudza. Kamnyamata kankayenda ngati nkhalamba yolemera. Mwendo umalendewera ngati chinthu chomangirira ku chingwe, ndipo chingwe chachifupi chimapita ndi kubwera msanga. Chikafupika ndi theka, nthawi yake imatsika kufika pafupifupi 0.7 ya poyamba. Wosewera ankatenga mafulemu 13 pa sitepe, pa liwiro la mafulemu 24 pa sekondi. Malinga ndi masamuwo kamnyamata kakanatenga 9. Ndinasankha 11, chifukwa mwana amene waswa windo sathamangira kukaona. Ndinafupikitsa gawo loyenda lokha, nthawi ya kuima ndi kukweza manja ndinaisiya mmene wosewera anaichitira, popeza kuseketsa konse kuli pamenepo. Ndipo poti masitepe 6 tsopano amakafikitsa mamita 2.1 m'malo mwa 4.2, tinangosendeza nyumba ya aneba kufupi. Kusuntha khoma n'kosavuta kuposa kuonjezera masitepe.

## Kumene manja anapita

Wosewera akagwira kumutu, manja ake amakhala masentimita pafupifupi 33 pamwamba pa mapewa, ndipo dzanja lililonse lalowa mkati masentimita 13 kuchokera paphewa. Mkono wa kamnyamata ndi 30 pa 56, kuposa theka pang'ono. Ndi ngodya zomwezo dzanja limakwera 18, n'kulowa mkati 7. Phewa la kamnyamata lili masentimita 12 kuchokera pakati pa thupi, ndiye dzanja limaima 5 kuchokera pakati. Mutu wake umayambira 4 pamwamba pa phewa mpaka 40, ndipo umatambalala 17 mbali iliyonse. Malo amene dzanja lafika ndi pakatikati pa chigaza.

Michael Gleicher analemba za vuto lomweli mu 1998, pa SIGGRAPH, msonkhano wa akatswiri a zithunzi za pakompyuta. Ganizo lake linali lakuti muyambe mwatchula zinthu zimene siziyenera kusintha, monga phazi kukhala pansi kapena dzanja kugwira chinthu, kenako mayendedwe ena onse asinthe pang'ono mmene angathere kuti zimenezo zisungike, ndipo asinthe mosalala kudutsa mafulemu ambiri, osati pa fulemu imodzi. Telala akamachepetsa jekete la bambo kuti likwane mwana sadula paliponse mofanana, amayamba waona kuti mabatani akumane ndi mabowo ake. Pa mapazi tinali titachita kale zimenezi. Pa manja zinali zovutirapo, chifukwa chinthu choyenera kusungidwa chinali chosatheka. Mkono wa 30 ndi kadzanja ka 9 ndi 39, pamene pamwamba pa mutu pali pa 40, komanso mkono uyenera kuzungulira mutu wotambalala kuposa mapewa. Kamnyamata sikangadzigwire paliwombo ngakhale katafuna.

Ndinayamba ndi malo apafupi amene dzanja lingafike chigongono chili chopindika bwino. Ndinaika `hand_ik.L` ndi `hand_ik.R` m'mbali mwa mutu, n'kuwamangirira ku fupa la mutu ndi `Child Of` kuti mutu ukagwedezeka manja azipita nawo. Zinaoneka zaudongo, palibe chikulowa mwa chinzake. Mnzanga uja anabweranso.

"Tsopano akutseka makutu. Windo lasweka kale, ndiye akuopa phokoso lanji?"

Ankanena zoona. Manja m'makutu ndi nkhani ina, manja pamwamba pa mutu ndi inanso, ndipo kusiyana kwake pa chidolechi ndi masentimita 10 okha. Palibe pulogalamu ikanandiuza zimenezo.

Masentimita amenewo ndinawatolera m'malo atatu. Ndinaweramitsa mutu madigiri 18 kupitirira mmene wosewera anachitira, zimene zinabweretsa chipumi ndi pamwamba pake kufupi ndi manja, komanso zinaonjezera manyazi. Ndinanyamula mapewa mpaka masentimita 3, moti khosi linabisika. Kenako ndinatalikitsa mikono kuchoka pa 30 kufika pa 33 pa nthawi yokhayo imene manja ali m'mwamba. Pa chidole cha katuni palibe amaona, bola kutalikako kuchitike mkono uli pa liwiro. Pa chidole chooneka ngati munthu weniweni sindikanayesa. Zikhatho zinakhala pamwamba pa makutu cha kutsogolo, zala n'kupindikira pamwamba pa mutu. Kuchokera pamene pali kamera, zimenezi zimawerengeka ngati manja kumutu.

Chovuta chinali njira yopitira kumeneko. Sindinafune kutaya mokapu, chifukwa kakwezedwe ka mikono ka wosewera kanali ndi moyo: dzanja lamanja limatsogola, lamanzere limatsalira pang'ono, ndipo onse amazengereza asanafike. Ndiye mikono imatsatira fayilo kuyambira pansi mpaka kufika pa msinkhu wa mapewa. Kuchokera apo `Influence` ya IK, ndiko kuti mphamvu yake pa mkono, imakwera kuchoka pa 0 kufika pa 1 m'mafulemu 8, dzanja lamanzere likuyamba mafulemu awiri pambuyo pa lamanja monga mu fayilo. Mukaikweza m'mafulemu awiri, dzanja limadumpha. Mukaichedwetsa, dzanja limadutsa m'tsaya lisanatuluke. Ngakhale pa 8 paja zala zinkakanda tsaya pa mafulemu atatu a pakati, ndiye ndinaika kiyi imodzi yokankhira dzanja panja kuti lizungulire.

Chigongono chimafuna `Pole Target` yake, yochiuza kumene chiloze. Popanda iyo IK imasankha yokha kumene chiloze, ndipo kwa ife inasankha kutsogolo, kamnyamata n'kuoneka ngati kakudzitchinjiriza kuti kasamenyedwe. Ndinaika chowongoleracho kumbali, pamene chigongono cha wosewera chinali kuloza. Chifukwa manja amangidwa ku mutu, kunjenjemera kwa mutu ndi mapewa kumene suti inajambula kumadutsa mpaka m'zigongono, ndipo gawolo silioneka ngati lachita kuumitsidwa.

## Chipewa cha katoni

Gawo lotsatira linali la kamnyamata komweko kakukanda kumutu pamene kakufunsidwa ndi aneba. Tisanajambule ndinawerengera kuti mutu wake ukanakhala waukulu bwanji pa thupi la wosewera, poyerekeza ndi mikono. Mkono wa wosewera ndi 56 pa 30 wa chidole, ndiye 34 uja amakhala masentimita 63 m'lifupi. Tinadula makatoni n'kumanga chipewa cha kukula kumeneko, chokhala ndi bowo loonerapo.

Wosewera atachivala anakweza dzanja kuti akande paliwombo, nalephera. Anayesanso, kenako anapendeketsa mutu wonse kubwera ku dzanja, nanyamula phewa, n'kukanda pamwamba pa khutu chigongono chili m'mwamba. Palibe anamuuza kuti atero, ndipo kanali kabwino kuposa chimene ndikanapanga ndi makiyi. Fayilo imeneyo nditaisamutsa, zala zinafika pafupi kwambiri ndi khungu la mutu, moti IK inangotseka kampata kakang'ono kotsala.

Katoni imathandiza pa chinthu chimodzi nthawi imodzi. Chipewa chinayezedwa ndi mikono, pamene miyendo ili ndi nambala yake ya 0.5, ndiye gawo limene dzanja likugwira bondo kapena kutola mpira pansi limafuna kuwerengera kwina. Pa mpira tinapatsa wosewera mpira waukulu wa pulasitiki, wa masentimita 40, kuti manja ake atalikirane mokwanira, ndipo pa kamnyamata unakhala mpira wamba wa masentimita 22.